Manambala kapena mawu a anthu: kusankha njira ya kafukufuku wanu

Ophunzira ambiri a chaka chomaliza ku yunivesite amalemba puropozo yawo bwinobwino mpaka atafika pa mutu wofotokoza m'mene kafukufukuyo adzachitikire. Apa ndi pomwe cholembera chimaima, chifukwa ayenera kunena ngati adzachite kwantitetivu kapena kwalitetivu. Ena amathawira ku kwalitetivu poopa masamu. Ena amasankha kwantitetivu chifukwa anamva kuti asupavayiza amakonda matebulo. Puropozo yosankhidwa motere sichedwa kuonekera, chifukwa cholinga chimanena zina pomwe njira ikunena zinanso.

Kwantitetivu ndi kafukufuku woyeza ndi kuwerengera. Amayankha mafunso monga akuti ndi angati, ndi kangati, nanga ichi chikakwera icho chimatani. Kwalitetivu ndi kafukufuku womvetsera ndi kuonetsetsa. Amafuna kudziwa m'mene anthu akuimvera nkhani, zomwe amaganiza asanachite chinthu, ndiponso m'mene chinthucho chimachitikira m'moyo wawo. Palibe njira yoposa inzake, koma iliyonse ili ndi ziganizo zomwe imakulolani kulemba kumapeto kwa lipoti, ndi zina zomwe imakuletsani. Choncho musanasankhe, dzifunseni kuti mukufuna kudzanena chiyani ntchito ikatha.

Tiyeni titsatire nkhani imodzi kuti zimveke. Tiyerekeze kuti ndinu wophunzira unamwino, ndipo muli ku pulakitiko pa chipatala china chaching'ono munaona kuti amayi ambiri oyembekezera amabwera kudzayamba sikelo mimba itakula kale. Nkhaniyi ndi yeniyeni m'dziko muno. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2016 kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale m'masabata 12 oyambirira. Koma kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa 2015-16, yemwe anachita a ofesi ya NSO ku Zomba, anapeza kuti ngakhale pafupifupi mayi aliyense amafika ku sikelo, amayi 24 okha pa 100 alionse ndi omwe anayamba m'miyezi itatu yoyambirira.

Pa nkhani imodziyi pangatuluke mafunso awiri osiyana. Loyamba: pa chipatala chino, ndi amayi angati pa 100 alionse omwe amayamba sikelo mochedwa, nanga kuchedwako kumayenderana ndi kutalika kwa mtunda, msinkhu wa mayi kapena kalasi yomwe analekezera sukulu? Lachiwiri: mayi akazindikira kuti waima, chimachitika n'chiyani m'maganizo mwake ndi pakhomo pake kufikira tsiku lomwe wanyamuka kupita ku sikelo? Funso loyamba silingayankhidwe popanda kuwerengera. Lachiwiri simungaliyankhe ndi pepala la mabokosi ochonga, chifukwa mabokosiwo mumawalemba ndinu musanapite kumudzi, ndipo amangosunga zifukwa zomwe inuyo mukuzidziwa kale.

Tiyambe ndi funso loyamba. Mu kwantitetivu pafupifupi zonse zimakonzedwa musanafunse munthu ndi m'modzi yemwe. Muyenera kunena poyera kuti “kuchedwa” mukutanthauza chiyani, mwachitsanzo kuyamba sikelo mimba itapitirira masabata 12. Muyeneranso kunena komwe mudzapeze nambala imeneyi. Mukangofunsa mayi kuti anayamba liti, akhoza kuiwala kapena kuchepetsa miyezi poopa kudzudzulidwa. Ndi bwino kuyang'ana m'kabuku kake ka kuchipatala kapena m'kaundula wa sikelo, ngakhale nambala za m'menemo nazonso n'zongoyerekeza ngati mayiyo sanaunikidwe ndi makina. Chimodzimodzi mtunda: kodi mudzauyeza m'makilomita, kapena m'mphindi zomwe mayi amayenda pansi? Chilichonse chomwe mwasankha chikhale chimodzimodzi kwa aliyense, chifukwa simungaphatikize makilomita a mayi uyu ndi mphindi za mayi uyo.

Kenako pamabwera funso lomwe asupavayiza sangalilumphe, loti mudzafunsa anthu angati ndipo nambalayo mwaipeza bwanji. Ngati cholinga ndi kudziwa gawo la anthu omwe ali ndi khalidwe lina, ofufuza ambiri amagwiritsa ntchito fomula ya Cochran:

```
n = z² × p × (1 − p) / d²
n = 1.96² × 0.24 × 0.76 / 0.05² = 280.3
```

Chilembo p ndi gawo lomwe mukuyembekezera kupeza, ndipo pano taika 0.24 kuchokera ku kafukufuku wa NSO uja. Chilembo d ndi kuphonya komwe mungakulolere, pano 5 pa 100 kumwamba kapena kumunsi. Nambala ya 1.96 ndi yomwe imagwiritsidwa ntchito mukafuna chitsimikizo cha 95 pa 100. Yankho ndi amayi 281. Poti ena adzakana ndipo ena mapepala awo adzakhala osakwanira, mumawonjezera. Mukayembekezera kutaya m'modzi pa khumi alionse, mumagawa 281 ndi 0.9, n'kupeza 313. Pakanakhala kuti palibe kafukufuku wam'mbuyo wokupatsani p, mukanaika 0.5, ndipo yankho likanakhala 385. Nambala imeneyi imapezeka m'mapuropozo ambirimbiri, ndipo nthawi zina wolembayo sadziwa n'komwe komwe yachokera. Dziwaninso kuti fomulayi ndi yoyezera gawo limodzi lokha. Ngati mtima wa kafukufuku wanu ndi kuyerekeza magulu awiri, monga okhala pafupi ndi okhala kutali, pali fomula ina, ndipo ndi nzeru kuonana ndi mphunzitsi wa masamu a kafukufuku musanapereke puropozo.

Kuchuluka kwa anthu pakokha sikupulumutsa kafukufuku ngati kasankhidwe kawo ndi kokondera. Mukamangofunsa amayi omwe afika m'mamawa chifukwa ndi nthawi yomwe inu mumakhalapo, mwina mwasankha okhala pafupi okhaokha, ndipo funso lanu la mtunda lafera pomwepo. Njira yosavuta ndi yodumphadumpha mwadongosolo. Tiyerekeze kuti m'miyezi itatu chipatalacho chimalandira amayi atsopano 950. Mukagawa 950 ndi 313 mupeza pafupifupi 3, ndiye kuti mudzafunsa mayi wachitatu aliyense, ndipo woyambirirayo mumupeze mwa mayere pakati pa atatu oyamba. Ngakhale mutachita bwino chotere, kumbukirani kuti mayi yemwe sabwera n'komwe ku sikelo mulibemo m'kafukufuku wanu. Zimenezi zilembedwe poyera pa gawo lofotokoza malire a kafukufuku.

Pepala la mafunso nalo liyesedwe kaye. Ambiri amalilemba m'Chingerezi, n'kumamasulira pakamwa ali pamaso pa mayi, lero motere mawa mwina. Apo ndiye kuti amayiwo sanafunsidwe funso limodzi. Limasulireni m'chilankhulo cha kumaloko pa pepala, wina alibwezere ku Chingerezi kuti muone ngati tanthauzo lasokonekera, kenako mukaliyese pa amayi ochepa a pa chipatala china chofanana nacho. Mukaona kuti funso lina aliyense akuyankha mofanana, kapena ambiri akuti “mubwerezenso”, likonzeni musanayambe.

Tiyerekeze tsopano kuti mwamaliza, mwalowetsa mayankho mu SPSS kapena Stata, ndipo mwa amayi 300 omwe mapepala awo ndi athunthu, 210 anayamba mochedwa. Mukhoza kulemba kuti amayi 70 pa 100 alionse anachedwa, ndipo nambala yeniyeni ya pa chipatalacho iyenera kuti ili pakati pa 65 ndi 75. Mukapezanso kuti okhala kutali anachedwa kwambiri kuposa okhala pafupi, mukhoza kunena kuti mtunda ndi kuchedwa zimayenderana. Chomwe simungalembe n'chakuti mtunda ndiwo umachititsa kuchedwako. Mwina okhala kutali ndi omwenso ali osauka kapena analekeza sukulu msanga, ndipo kafukufuku wofunsa anthu kamodzi kokha savundukula chomwe chinayambitsa chinzake. Tebulolo silikuuzaninso chifukwa chomwe mayi wokhala kuseri kwa mpanda wa chipatala anadikira mpaka mwezi wachisanu ndi chimodzi.

Mayi ameneyo ndi wa funso lachiwiri. Mu kwalitetivu simusankha anthu mwa mayere, mumawasankha mwadala chifukwa cha zomwe angakuuzeni. Mufuna mtsikana wa mimba yoyamba, mayi wa ana asanu, yemwe anachedwa ali pafupi, komanso yemwe anafulumira ali kutali, chifukwa ameneyu akuonetsani chomwe chimasiyana pakhomo pake. Mwina mufunanso agogo kapena apongozi, amuna awo a amayiwa, ndi alangizi a zaumoyo a m'deralo, poti m'mabanja ambiri za mimba sizigamulidwa ndi mayi yekha.

Chida chanu ndi mndandanda waufupi wa mafunso otseguka, ndipo kafunsidwe kake ndi luso lofunika kuliphunzira. Mukafunsa kuti “Kodi munachedwa chifukwa chipatala chili kutali?” mwamupatsa kale yankho, ndipo mwaulemu wake adzavomera. Mukafunsa kuti “N'chifukwa chiyani munachedwa?” mwamuimba mlandu, ndipo adzadziteteza. Koma mukati, “Tandifotokozereni, mayi, kuyambira tsiku lomwe munayamba kuganiza kuti mwina mwaima, zinayenda bwanji?” mwamutsegulira khomo. Akafika pakuti “ndinawauza amayi anga okha”, musathamangire funso lotsatira pa pepala. Funsani kuti iwo anati chiyani, nanga bambo a kunyumba anamva liti. Pamenepo ndi pomwe pamatuluka zinthu zomwe sizikanakhala m'mabokosi anu. Wina anganene kuti mimba yaing'ono siululidwa poopa anthu oipa mtima. Wina anganene kuti ankadikira kuti mwana ayambe kusuntha kuti atsimikize. Winanso anganene kuti anamva zoti ku sikelo amafuna ubwere ndi mwamuna, ndipo wake ali ku Joni.

Mu njira imeneyi wofufuza mwiniwake ndiye chida chachikulu, choncho m'mene mukuonekera zimakhudza zomwe mumve. Mukavala yunifolomu n'kukhala m'chipinda cha sikelo, mayi sangakuuzeni kuti anaopa kukalipiridwa ndi anamwino. Mukakhala mnyamata wosakwatira, pali zina zomwe mayi wachikulire sangatchule pamaso panu. Puropozo yabwino imanena za zimenezi, n'kufotokoza chomwe mudzachite: kucheza nawo pamalo oduka mphepo kutali ndi mzere wa sikelo, kuvala zovala wamba, kapena kupeza wothandizira wamkazi. Zokambirana za pagulu, za anthu asanu ndi m'modzi mpaka khumi, zimathandiza pofuna kumva zomwe mudzi umakhulupirira, koma nkhani ya mtsikana yemwe anabisa mimba kwa makolo ake siyofunsira pagulu.

Nanga anthu angati? Kuno kulibe fomula. Mumapitiriza kucheza ndi anthu mpaka mutaona kuti atsopanowo akungobwereza mfundo zomwe mwamva kale. Ofufuza atatu, Guest, Bunce ndi Johnson, anasindikiza mu 2006 zomwe anapeza ataunika macheza 60 ndi amayi a ku Ghana ndi ku Nigeria, ndipo anaona kuti mfundo zambiri zinali zitatuluka kale m'macheza 12 oyambirira. Koma amayi awo anali ofanana m'zambiri ndipo mafunso anali olunjika pa nkhani imodzi. Inu ngati muli ndi magulu osiyana, monga atsikana, amayi achikulire ndi amuna, gulu lililonse lifunika anthu akeake okwanira. Mu puropozo lembani nambala yoyerekeza, monga amayi 15 mpaka 20, ndipo munene kuti mudzaima mfundo zatsopano zikadzasiya kutuluka. Izi zikutanthauza kuti muyenera kumamvetsera ndi kuunika macheza aja ntchito ili mkati. Mukadikira kuti mudzaunike zonse kumapeto, simungadziwe pomwe mfundo zinasiyira kutuluka.

Amene amathawira kuno poopa masamu amadzidzimuka akafika pa ntchito yolemba zomwe anajambula. Macheza a ola limodzi amatha kudya maola anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti alembedwe liwu ndi liwu, ndipo kumasulira m'Chingerezi ndi ntchito inanso pamwamba pake. Macheza 20 ndiye kuti maola 80 mpaka 120 kapena kuposerapo musanayambe n'komwe kuunika. Kuunikako ndi kuwerenga mobwerezabwereza, kuika chizindikiro pa chigawo chilichonse cha mawu, monga “kuopa kuulula”, “kudikira mwamuna” kapena “kusowa chitenje chatsopano”, kenako kusonkhanitsa zizindikiro zofanana kukhala mitu ikuluikulu. Ambiri amatsata masitepe asanu ndi limodzi omwe Braun ndi Clarke anafotokoza mu 2006. Pulogalamu ya NVivo imathandiza kusunga ndi kusanja mawu, koma siganiza m'malo mwanu, ndipo macheza 20 mukhoza kuwaunika ndi mapepala ndi zolembera zamitundu. Ine ndimalangiza kuti muunike mawuwo m'chilankhulo chomwe analankhulidwa, n'kumasulira okhawo omwe mudzawaike mu lipoti, chifukwa zambiri zimatayika pomasulira msanga.

Kumapeto mukhoza kulemba kuti pakati pa amayi omwe munacheza nawo, kuchedwa kunkayamba ndi mwambo wobisa mimba yaing'ono, n'kuonetsa ndi mawu awo omwe m'mene zimachitikira. Muonetsenso yemwe sanagwirizane ndi anzake, chifukwa kubisa mawu otsutsana ndi mfundo yanu ndi chinyengo chofanana ndi kufufuta nambala pa tebulo. Chomwe simungalembe n'chakuti “amayi 60 pa 100 alionse amaopa ufiti” chifukwa choti 12 mwa 20 anatchula zimenezo. Anthu 20 aja munawasankha ndinu mwadala, ndipo simunawafunse onse mafunso ofanana ndendende, choncho saimira amayi a m'boma lonse m'njira ya manambala. Cholakwika chimenechi ndi chofala kwambiri, ndipo woyesa mayeso akangoona mapelesenti mu lipoti la kwalitetivu amadziwiratu kuti wophunzirayo sanamvetse njira yomwe anasankha.

Pali cholakwika china chomwe chimachitikira mbali inayo. Wophunzira amalemba mafunso 30 a mabokosi, n'kuika limodzi kumapeto lakuti “muli ndi ndemanga ina iliyonse?”, kenako n'kunena kuti wagwiritsa ntchito njira zonse ziwiri. Mayankho a mzere umodzi ngati amenewo si kwalitetivu. Kuphatikiza njira ziwiri n'kotheka ndipo pa nkhani ya sikeloyi kungapindule kwambiri. Mukhoza kuyamba ndi kuwerengera, n'kupeza kuti okhala pafupi nawonso amachedwa, kenako n'kukacheza ndi ena mwa iwo kuti mumve chifukwa chake. Kapena mukhoza kuyamba ndi macheza, zifukwa zomwe mwamva n'kuzisandutsa mafunso a pa pepala, kuti muone kuti chifukwa chilichonse chikukhudza amayi angati. Koma imeneyi ndi ntchito ya mitolo iwiri pa mutu umodzi. Kwa wophunzira wa digiri yoyamba, yemwe ali ndi semesita imodzi ndi ndalama za m'thumba mwa makolo, ndi bwino kugwira funso limodzi n'kuliyankha mokwanira.

Njira yodziyesera puropozo yanu ndi yosavuta. Tengani pepala, mulembe cholinga chilichonse pa mzere wake, ndipo pambali pake mulembe zinthu zitatu: yemwe adzakupatseni yankho, chida chomwe mudzagwiritse ntchito, ndi m'mene mudzaunikire. Cholinga chikayamba ndi “kupeza kuchuluka kwa” kapena “kuyerekeza”, pambali pake payenera kuoneka fomula, kasankhidwe kosakondera ndi dzina la muyeso wa masamu womwe mudzagwiritse ntchito. Chikayamba ndi “kumvetsa m'mene” kapena “kufufuza maganizo a”, payenera kuoneka kusankha mwadala, macheza ndi kuunika mitu. Chenjerani ndi mutu wofala uja wakuti “zinthu zomwe zimachititsa amayi kuchedwa kuyamba sikelo”. Mutu umenewu ukhoza kupita mbali iliyonse, ndipo n'chifukwa chake ambiri amasokonezeka nawo. Ngati mukutanthauza zinthu zoyezeka zomwe mwazitchula kale, nenani kuti mukuona ngati zikuyenderana ndi kuchedwa. Ngati mukutanthauza zifukwa zomwe amayi eni ake amapereka, lembani choncho.

Njira iliyonse yomwe mwasankha, simuyamba kufunsa anthu musanalandire chilolezo cha komiti yoona za ufulu wa ofunsidwa. Ophunzira a ku KUHeS amapereka mapuropozo awo ku komiti ya pa yunivesite yawo, a ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba ali ndi UNIMAREC, ndipo kafukufuku wina wa zaumoyo amadutsa ku komiti ya dziko lonse ya NHSRC. Mufunikanso kalata ya akuluakulu a zaumoyo a m'bomalo, ndipo ngati mukulowa m'midzi, mukaonekere kwa amfumu. Makomitiwa amafuna kuona fomu yopempha chilolezo yolembedwa m'chilankhulo cha ofunsidwa, yonena momveka kuti mayi akakana sadzamanidwa chithandizo. Amafunanso kudziwa m'mene mudzachitire ndi atsikana osakwana zaka 18, omwe pa nkhani ya sikelo mudzakumana nawo ndithu.

Pa chinsinsi, kwalitetivu imafuna kusamala kwapadera. Pa tebulo la amayi 300 palibe yemwe angazindikirike, koma mukalemba mawu a “mayi wa zaka 17, wa m'mudzi wakuti, yemwe mwamuna wake ndi mphunzitsi”, mudzi wonse wamudziwa ngakhale dzina mwalibisa. Fotokozani mu puropozo kuti mudzasintha kapena kuchotsa zizindikiro zotere, kuti mawu ojambulidwa adzasungidwa pa kompyuta yotsekedwa ndi pasiwedi osati pa foni yomwe mumabwereketsa anzanu, ndiponso kuti adzafufutidwa liti. Pa ndondomeko ya nthawi, siyani masabata okwanira oyembekezera yankho la komiti, chifukwa kawirikawiri puropozo imabwerako ndi zofunika kukonza isanavomerezedwe.